Luso lili m'manja, mapepala anatsala ku Uvira

Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Marichi 2023, anthu ambiri anataya masetifiketi awo pamodzi ndi ziwiya ndi zofunda. Zinali zopweteka, komabe Mmalawi amene setifiketi yake ya MSCE yapita ndi madzi ali ndi pogwira. Dzina lake lili m'kaundula wa MANEB ku Zomba, aphunzitsi ake akulu akadalipo, ndipo bwana wake wakale atha kumuimbira foni lero lomwe. Munthu wothawa nkhondo zonsezi alibe. Sukulu yake mwina inatenthedwa, bwana wake mwina anaphedwa kapena naye anathawira kwina, ndipo boma limene likanamulembera pepala lina nthawi zina ndi lomwelo limene iye akulithawa.

Anthu otere tili nawo pafupi. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene m'nthawi ya Kamuzu anali ndende ya anthu andale anasandutsidwa msasa wa othawa kwawo mu 1994. Anaukonzera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Ife timangowathira onse m'dengu limodzi n'kumawatchula kuti Maburundi, ndipo tikawaganizira timaona wogulitsa mpunga ndi mafuta ophikira pa okala. Koma mu msasamo muli anamwino, aphunzitsi, amakaniko, osoka zovala, owotcherera zitsulo, ngakhale anthu amene anaphunzirapo zamalamulo. Funso lawo la tsiku ndi tsiku ndi lakuti munthu angatsimikize bwanji zimene amadziwa pamene pepala lomuchitira umboni palibe.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti munthuyu amatsekeredwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene azisokoneza amawononga ndalama zake pachabe. China ndi chilolezo chogwira ntchito, china ndi umboni wa luso.

Nkhani ya chilolezo ili m'manja mwa boma. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987, koma polowapo linanena poyera kuti ndime zina silidzazitsatira mokwanira. Mwa ndimezo muli ya 17 yonena za ntchito yolipidwa, ya 19 yonena za ntchito zaukatswiri monga udokotala, ndi ya 26 yonena za ufulu woyenda ndi wosankha kokhala. Lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 silinatsegule khomo limeneli. Zotsatira zake n'zakuti wothawa kwawo akafuna ntchito yolembedwa amaonedwa ngati mlendo wina aliyense: womulemba ntchitoyo ayenera kumupemphera chilolezo ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, chija ambiri amangochitchula kuti TEP, n'kusonyeza kuti luso lakelo ndi losowa pakati pa Amalawi. Ndi mabwana ochepa amene amafuna kudzivutitsa chotero. Ndipo amene ankaganiza kuti lamulo lokhala mu msasa linagona anadzidzimuka mu Meyi 2023, pamene apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo ku Lilongwe ndi m'matauni ena, ena n'kuyamba atsekeredwa ku Maula, kenako n'kubwezedwa ku Dzaleka, mashopu awo atatsekedwa.

Palibe setifiketi, ngakhale yokongola chotani, imene ingachotse chopinga chimenechi. Munthu aliyense amene akuuza wothawa kwawo kuti “ndipatse zakutizakuti ndikukonzere mapepala a ntchito” akumubera, kapena akumukonzera mlandu. Umboni wa luso ndiye ndi nkhani ina. Umenewo munthu atha kuumanganso yekha pang'onopang'ono, ndipo ndi umene umamuthandiza mpata ukapezeka, kaya pa ntchito za mabungwe mu msasa momwemo, pa mwayi wa sukulu, pa ntchito ya pa intaneti, kapena akadzasamutsidwira ku dziko lachitatu.

Tiyerekeze mayi wina, wongopeka kuti tione bwino mmene zimayendera. Ndi namwino wa ku Uvira, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika kum'mawa kwa Congo. Anamaliza sukulu ya unamwino mu 2008, nagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa chipatala chaching'ono, makamaka ku chikuta, mpaka usiku wina mu 2017 pamene anathawa ndi ana awiri. Anadutsa ku Tanzania, nalowa pa Songwe, nafikira ku Karonga, kenako ku Dzaleka. Dipuloma yake inatsala m'sutikesi. Zimene ali nazo ndi chithunzi chosaoneka bwino cha dipulomayo m'foni, malipoti a kusukulu a chaka chachitatu ndi chachinayi, chiphaso cha ku ntchito chimene chinali m'thumba la yunifomu, ndi kapepala ka maphunziro a masiku asanu okhudza kolera amene bungwe lina linachititsa. Iye akaziona amati alibe kanthu. Munthu amene ntchito yake ndi kuunika mapepala a maphunziro sangatero.

Asanapite ku ofesi iliyonse, mayiyu akhale pansi ndi kope, alembe mbiri ya maphunziro ake ndi ya ntchito yake chaka ndi chaka, osadumpha. Alembe dzina lonse la sukulu iliyonse ndi dera lake, chaka cholowera ndi chotulukira, maphunziro amene ankatenga chaka chilichonse, chipatala chimene ankakaphunzirira ntchito ndi miyezi imene anakhalako, maina a aphunzitsi ndi a mkulu wa sukulu, nambala yake ya mayeso ngati akuikumbuka, ndi maperesenti amene anakhoza nawo. Kenako alembe za ntchito: pa sabata ankachiritsa amayi angati, mayi akataya magazi ambiri ankachita chiyani asanamutumize ku chipatala chachikulu, ankayang'anira anthu angati. Ntchito imeneyi ndi yofunika kuichita msanga, chifukwa munthu akakhala zaka zisanu mu msasa maina amayamba kuthawa m'mutu. Pamene sakukumbuka bwino alembe kuti sakukumbuka. Chaka cholota chikasemphana ndi pepala limene lidzapezeke mtsogolo, anthu amayamba kukayikira ngakhale zoona zija.

Akatero, aike pepala lililonse pambali pa chaka chake. Malipoti awiri aja akusonyeza kuti analidi pa sukuluyo mu 2007 ndi 2008, ndipo akutchula maphunziro ndi malikisi. Chiphaso cha ku ntchito chikusonyeza kuti chipatala chinamulandira ngati namwino, chinthu chimene sichikanatheka akanalephera mayeso. Kapepala ka kolera kakumuika pa ntchito m'chaka china chapakati. Chithunzi cha dipuloma pachokha n'chofooka, koma chikagwirizana ndi zitatuzi chimalimba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mapepala ang'onoang'ono amene akunena chinthu chimodzi atha kunyamula zimene pepala lalikulu lija likananyamula.

Apa ndi pamene vuto lina limatulukira, limene lagwetsa anthu ambiri okhala ndi mapepala enieni. Anthu a ku Congo amakhala ndi maina atatu, ndipo kalembedwe kake kamayamba ndi dzina la kubanja. Polembetsa pa malire, munthu ali wotopa, womasulira ali pa changu, dzina limodzi limasiyidwa kapena maina amasinthana malo. Tsiku lobadwa nalo, munthu akangotchula chaka chokha, kawirikawiri limalembedwa kuti 1 Januwale. Mayi wathuyu pa malipoti ake analembedwa kuti anabadwa mu Ogasiti 1985, koma pa pepala la mu msasa pali 1 Januwale 1986 ndi maina awiri okha. Kwa kalaliki amene sakumudziwa, awa ndi anthu awiri. Chofunika ndi kupempha ofesi yolembetsa kuti ikonze, atanyamula malipoti ajawo ngati umboni, ndipo podikira akalumbire pamaso pa loya kapena woweruza wololedwa kulumbiritsa anthu, kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi ndipo kusiyanako kunabwera motani. Asafufute kanthu, asalembepo ndi cholembera pa pepala lililonse. Kukonza tsiku ndi dzanja lako pa pepala loona kumalisandutsa lachinyengo.

Tsono za mboni. Bwana wakale kulibe, koma anzake a m'kalasi anamwazikana ku Bujumbura, ku Kampala, ku Joni, ena ku Canada, ndipo ambiri amapezana m'magulu a WhatsApp a sukulu zawo. Kalata ya mnzake wa m'kalasi amene ali ndi dipuloma yake yonse ndi yamtengo wapatali, makamaka akaphatikizapo chithunzi cha dipulomayo, chifukwa woiunika amaona kuti sukulu, chaka ndi wosayina n'zimodzimodzi ndi zimene zili pa chithunzi chosaoneka bwino chija. Kalata yotere isakhale yotamanda. Mawu oti “mayiyu ndi wolimbikira ntchito ndi woopa Mulungu” sathandiza aliyense. Inene kuti wolembayo ndi ndani, akugwira ntchito kuti lero, anadziwana ndi mayiyu kuti, kuyambira liti mpaka liti, anamuona ndi maso ake akuchita ntchito zanji, ndipo angapezeke pa nambala kapena imelo iti. Kalata ziwiri zotere zochokera kwa anthu amene sakukhala malo amodzi zimaposa kalata khumi za abale ndi oyandikana nawo nyumba.

Mapepala ake ali m'Chifalansa, choncho afunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi munthu amene angasayine n'kuika dzina ndi keyala yake. Womasulira wokonda kuthandiza amalakwa pamene akweza pepala. Ku Congo kuli anamwino a A2, amene amaphunzira zaka zinayi pa sukulu ya zaumoyo ya mulingo wa sekondale, ndi a A1, amene amaphunzira zaka zitatu atamaliza sekondale. Mayi wathuyu ndi wa A2. Womasulira akalemba ngati ndi dipuloma ya ku koleji, wounika amene amadziwa maphunziro a ku Congo azindikira nthawi yomweyo, ndipo fayilo yonse yada. Dzina la pepala lisiyidwe mmene liliri, n'kufotokoza pambali zaka zake.

Pali njira ziwiri zachidule zimene ndikuona kuti ziyenera kukanidwa ndithu. Yoyamba ndi yopita ku ofesi ya kazembe wa dziko lakwawo kukapempha mapepala. Pangano la 1951 limanena kuti munthu amene mwa kufuna kwake wabwereranso pansi pa chitetezo cha dziko lake amasiya kukhala wothawa kwawo, ndipo kutenga pasipoti ya kwawo kutha kuonedwa choncho. Kupatula apo, kalata yopita ku unduna wa kwawo imaulula kumene munthu ali, ndipo abale amene anatsala ndi amene angaone zakuda. Ngati pakufunika kufunsa ku sukulu yakale, ayambe wakambirana ndi a UNHCR kapena a zamalamulo othandiza othawa kwawo.

Yachiwiri ndi yogula dipuloma. Opanga alipo, ndipo amamunyengerera munthu kuti “si bodza ayi, sukuluyo munaphunziradi, ife tikungokubwezerani pepala lanu.” Koma mapepala otere amagwidwa pa tinthu tating'ono. Dziko la Congo linkatchedwa Zaire kuyambira 1971 mpaka 1997, choncho dipuloma ya 1995 yokhala ndi dzina la lero pamutu pake yadziulula yokha. Zigawo za dzikolo zinagawidwa kuchoka pa 11 kufika pa 26 mu 2015, choncho pepala la 2010 lotchula chigawo cha Tanganyika silingakhale loona. Ounika amasunganso zitsanzo za zidindo ndi masiginecha a chaka chilichonse. Kupereka pepala lachinyengo ndi mlandu m'malamulo a Malawi, ndipo kwa wothawa kwawo chilango china n'chakuti nkhani yake yonse, ngakhale ya chimene anathawira, imayamba kukayikiridwa. Namwino weniweni amene wagula pepala labodza wataya zambiri kuposa munthu amene sanalowepo m'kalasi.

Kodi fayilo yopanda dipuloma ilipo amene amailandira? Alipo, ndipo chitsanzo chili kwa anansi athu. Mu 2019 bungwe la UNESCO linayesa koyamba pasipoti ya maphunziro ya othawa kwawo ku Zambia, pa msasa wa Meheba, mogwirizana ndi bungwe la dzikolo loona za masetifiketi la ZAQA. Linatengera njira imene inayambira ku Norway, imenenso bungwe la Council of Europe lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2017. Munthu amayamba wadzaza fomu yaitali yofanana ndi kope lija, ounika amawerenga pamodzi ndi mapepala alionse amene alipo, kenako amakhala naye pansi pafupifupi ola limodzi. Samufunsa mafunso a mayeso. Amamufunsa zinthu zimene wodutsa pa sukuluyo yekha angazidziwe: mayeso omaliza ankalembedwa bwanji, malikisi ankawerengedwa motani, kuchipatala ankapitako chaka chiti ndipo ankasayinira ndani. Munthu amene anaphunziradi amayankha mosavutika, mwina n'kuwonjezera za mphunzitsi wovuta wa chaka chachiwiri. Woloweza amakodwa pa funso lachitatu. Akakhutira amamupatsa chikalata chonena maphunziro amene akuoneka kuti ali nawo, ntchito imene wagwirapo ndi zilankhulo zimene amadziwa.

Chikalata chimenechi chili ndi malire ake, ndipo eni ake amanena poyera. Si dipuloma, si chitupa, ndipo sichimupatsa munthu ufulu wogwira ntchito zotetezedwa ndi lamulo. Momwemonso kuno kwathu: palibe amene angagwire unamwino osalembetsedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo bungwe lotere limafuna mapepala a sukulu ndi umboni wochokera kumene munthu analembetsedwa koyamba. Sindingawadzudzule pamenepo, chifukwa moyo wa mayi wapakati suyenera kuikidwa m'manja mwa munthu pongomva mawu ake. Ndiponso A2 ndi ya mulingo wa sekondale, pamene anamwino athu amalowa koleji atakhoza kale MSCE. Choncho mayi wathuyu, ngakhale wachiritsa amayi mazanamazana, njira yake yobwerera ku chikuta mwina idzadutsanso m'kalasi. Fayilo yake ingamuthandize kuti alandiridwe ku sukulu osayambira pansi penipeni, ndiponso kuti mabungwe a mu msasa amutenge ngati wothandizira zaumoyo m'madera kapena womasulira ku chipatala.

Ntchito za mabungwezi zili ndi chowawa chake. Wothawa kwawo salandira malipiro enieni koma kandalama kongomuthokoza, kochepa kwambiri poyerekeza ndi ka Mmalawi wogwira naye ntchito yofanana. Komabe muli chinthu chimodzi chimene ambiri amachisiya: kalata. Nthawi iliyonse mgwirizano ukatha, apemphe kalata ya pa pepala la bungwelo, yokhala ndi masiku oyambira ndi omalizira, ntchito zimene ankagwira, ndi dzina la womuyang'anira. Apemphe nthawi yomweyo, chifukwa ogwira ntchito m'mabungwe amasamuka pafupipafupi, ndipo pakatha zaka ziwiri palibe amene akumukumbuka. Zaka zitatu za makalata otere zimamupatsa chimene analibe pofika, anthu a m'dziko lino amene bwana watsopano angawaimbire foni. Pepala lililonse alijambule mbali zonse ziwiri pamalo owala n'kudzitumizira pa imelo, pakuti foni imabedwa ndipo nyumba za mu msasa zimadontha.

Kwa amisiri zinthu zimapepukirako, chifukwa luso lawo limaoneka ndi maso. Wowotcherera zitsulo safunika kufotokoza zambiri: mwini galaja amupatsa zitsulo ziwiri ndi ndodo zowotcherera, ndipo pakatha mphindi khumi msoko wake wanena zonse, ngati ndi wosalala ndi wolowa bwino kapena wa mabowomabowo. Telala amapatsidwa nsalu, mmisiri wa nyumba amauzidwa kuti akweze kona. Amisiri otere amapindula akamajambula ntchito iliyonse imene amaliza, geti kapena felemu ya zenera, n'kusunga nambala ya mwini wake. Bungwe la TEVETA lilinso ndi ndondomeko ya RPL, yoyesa munthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi n'kumupatsa setifiketi malinga ndi zimene waonetsa, ndipo pafupi ndi msasa pali sukulu ya ntchito zamanja ya There is Hope, bungwe limene anayambitsa Innocent Magambi, amene naye anakhalapo ku Dzaleka ngati wothawa kwawo. Kumeneko amaphunzitsa othawa kwawo ndi Amalawi pamodzi. Kwa mmisiri wodziwa kale ntchito, miyezi ingapo ya m'kalasi imaoneka ngati kutaya nthawi, koma amatulukamo ndi pepala la m'dziko lino limene aliyense atha kulitsimikiza.

Msampha wa amisiri ndi kuyesedwa kosatha. Bwana amati “tiyambe takuonani kaye,” sabata imakhala mwezi, mwezi umakhala itatu, munthu akungolandira ya sopo, ndipo akafunsa amakumbutsidwa kuti alibe mapepala. Chizindikiro chake chimaoneka tsiku loyamba: bwana amene sakufuna kutchula tsiku lothera kuyesako ndi ndalama zake alibe cholinga cholipira. Nkhani ya masiku ndi mtengo ithe ntchito isanayambe, pakhale mboni, kapena ilembedwe ngakhale mu uthenga wa pa foni. Amalawi amene anagwirapo maganyu ku Joni chitupa chitatha masiku akudziwa bwino kuwawa kwa kugwira mwezi wathunthu n'kuopsezedwa ndi apolisi pa tsiku la malipiro.

Ine ndimaona kuti dziko lathu likudzimana lokha. Zipatala zathu zikusowa anthu, ndipo pa mtunda wa makilomita osakwana 50 kuchokera ku Lilongwe pali anamwino ndi aphunzitsi a Chifalansa amene akhala zaka khumi, ena makumi awiri, akudikira thandizo la chakudya limene likuchepa chaka ndi chaka. Dziko lomweli linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ambiri a iwo m'midzi pakati pa abale awo. Njira yoyesera luso la munthu wopanda dipuloma ilipo kale ndipo Zambia yaiyesa. Mabungwe athu monga NCHE, MANEB ndi TEVETA atha kuiphunzira, ndipo a unamwino atha kuika mayeso ndi miyezi yogwira ntchito moyang'aniridwa kwa anthu onga mayi wa ku Uvira uja. Boma lakhala likunena kuti liunikanso lamulo la 1989, ndipo zimenezo zidzafunika aphungu a Nyumba ya Malamulo. Koma ndime zija za pangano la 1951 zimene tinazikana mu 1987, ndime 42 ya pangano lomwelo imalola dziko kusintha maganizo nthawi ina iliyonse, polembera kalata mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations.